Ndalama za Malemu Zalowa mu Akaunti: Zoyenera Kuchita Mayi Wamasiye Amene Ali ndi Ana Aang'ono

Malangizo awa ndi a mayi amene amuna awo amwalira posachedwa, ndipo alandira kapena akuyembekezera ndalama zambiri nthawi imodzi: za penshoni, za inshuwaransi ya kuntchito, kapena zomwe zinali kubanki. Kuti zinthu zioneke bwino tiyenda ndi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi ali ku Lilongwe m'nyumba ya lendi, ana ndi atatu, wa zaka 9, wa zaka 6 ndi wa zaka 3, ndipo ndalama zonse zomwe zabwera ndi K24 miliyoni. Inu muikepo manambala anu, njira yake ndi yomweyo.

1. Sonkhanitsani mapepala, ndipo mudziwe ndalama iliyonse kumene ikuchokera

Pepala loyamba ndi chiphaso cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, chomwe mumayambira kuofesi ya DC mutatenga kalata ya kuchipatala kapena ya amfumu. Onjezerani chitupa chanu cha unzika, mtchatho wa ukwati kapena kalata ya amfumu ndi ankhoswe yotsimikiza banja lanu, ndi ziphaso za kubadwa kwa ana. Jambulitsani makope angapo a pepala lililonse. Ofesi iliyonse imafuna kope lake, ndipo pepala lenileni musalisiye kwa munthu, ngakhale wachibale amene akuti akuthamangireni.

Ndalama za malemu sizidutsa khomo limodzi. Za penshoni ndi za inshuwaransi ya moyo ya kuntchito zimatsata fomu yomwe malemu analembapo mayina a olandira, ndipo oyang'anira thumba la penshoni ndiwo amagawa. Lamulo la penshoni limalamula abwana kulembetsa antchito awo inshuwaransi ya moyo, choncho funsani zonse ziwiri padera, chifukwa amayi ena amalandira penshoni yokha osadziwa kuti panali ina. Koma za kubanki, galimoto, nyumba ndi malo ndi chuma cha masiye. Ngati panalibe wilu, zimenezi zimafuna chilolezo choyendetsera chumacho, ndipo poyambira ndi kwa DC kapena kwa Administrator General, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye.

Musagwiritse ntchito khadi ya malemu kutapa ndalama ngakhale nambala yachinsinsi mukuidziwa. Tsiku limene mkangano udzabuka, sitetimenti idzaonetsa kuti ndalama zinatuluka mwiniwake ali m'manda, ndipo amene akufuna kukulandani adzapeza ponenera.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti wotsala pabanja ndi ana ndiwo oyamba kupindula, katundu wa m'nyumba amatsala ndi wotsalayo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu womangitsa. Lamulo lomwelo limawerengeranso ana onse a malemu, ngakhale obadwa kunja kwa banja, komanso amene ankadalira malemuwo monga makolo okalamba. Muyembekezere zimenezi, musagawe m'mutu ndalama zomwe gawo lake si lanu. Wina akayamba kunyamula katundu kapena kubisa mapepala a galimoto, pitani ku Victim Support Unit ya polisi ndi kwa DC sabata yomweyo. Ofesi ya Legal Aid Bureau imathandiza amene sangakwanitse kulipira loya.

2. Miyezi 6 yoyamba: ndalama zikhale pansi

Munthu amene ali pachisoni amavomera msanga, ndipo amene akufuna ndalama zake amadziwa zimenezi. Ndiye ndalama zikangolowa, siyani za miyezi 6 mu akaunti yotapa tsiku lililonse, zina zonse muziike pa fikisidi, akaunti yotsekera ndalama kwa nthawi yoikika, ya miyezi itatu, ikatha muikonzenso. Cholinga pano si chiwongoladzanja kwenikweni. Cholinga n'choti mukhale ndi yankho loona: "Pepani alamu, ndalama zinatsekedwa kubanki, sindingazitape panopa."

Akauntiyo ikhale m'dzina lanu lokha, ndipo yomwe muli ndalama zambiri musailumikize ku Airtel Money kapena Mpamba. Foni imabwerekedwa, imabedwa, ndipo pali anthu oimba foni amene amati, "Mayi, ndife a kupenshoni, kwatsala ndalama zina za malemu, mungotumiza K50,000 ya mafomu ndi nambala yomwe yabwera pafoni panu." Ofesi yeniyeni sipempha nambala yachinsinsi ndipo silipiritsa pa nambala ya foni ya munthu. Dulani foniyo, mukafunse nokha kuofesi.

Musatchule kuchuluka kwa ndalama kwa wina aliyense kupatula munthu mmodzi wodalirika amene sakudyapo kanthu. Mukanena K24 miliyoni pamaliro, pofika tsiku la kumeta zidzakhala zitakwana K100 miliyoni m'kamwa mwa anthu.

Amene akubwera ndi ngongole za malemu, alandireni mwaulemu koma afunseni umboni: pepala losainidwa, uthenga wa pafoni, mboni. Ngongole ya malemu imalipidwa kuchokera ku chuma cha masiye, si yanu pokhapokha ngati munasainira nawo. Ngati inali ya kubanki kapena ya kusako, funsani ngati inali ndi inshuwaransi, chifukwa ngongole zambiri zoterezi zimakhala nayo ndipo wobwereka akamwalira inshuwaransiyo ndiyo imabweza zotsala. Musalipire musanamve yankho lolembedwa.

3. Werengerani kuti ndalamazi zikufikitsani pati

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tengani kope ndi cholembera. Kwa miyezi iwiri lembani chilichonse chotuluka m'nyumba: lendi, ufa, ndiwo, makala, magetsi, madzi, thiransipoti, sopo, mankhwala, ndi fizi ya chaka chonse mutaigawa pa miyezi 12. Kenako lembani zomwe inuyo mumapeza. Kusiyana kwa ziwirizi ndiye dzenje lomwe ndalama za malemu ziyenera kukwirira mwezi uliwonse.

Mayi wa chitsanzo chathu amagwiritsa ntchito K450,000 pamwezi, ndipo geni yake ya kaunjika imamupatsa K200,000. Dzenje ndi K250,000 pamwezi, kapena K3 miliyoni pachaka. Mukagawa K24 miliyoni ndi K3 miliyoni mupeza zaka 8, ndipo ambiri amalekera pomwepo n'kupuma. Koma mitengo siima. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2023 ndi 2024 kukwera kwa mitengo kunkazungulira pa 30 peresenti pachaka. Tiyerekeze kuti dzenjelo likukula ndi 25 peresenti chaka chilichonse, ndalama zili pa akaunti yosabereka kanthu. Chaka choyamba zichoka K3 miliyoni, chachiwiri K3.75 miliyoni, chachitatu K4.7 miliyoni, chachinayi K5.9 miliyoni. Zimenezi zakwana kale K17.3 miliyoni, ndipo chaka chachisanu chikufuna K7.3 miliyoni pamene zatsala K6.7 miliyoni zokha. Ndalama zatha mwana wamng'ono ali ndi zaka 8, ali kupulayimale, pamene wamkulu akungolowa kumene sekondale.

Palibe amene waba tambala, palibe bizinesi yomwe yagwa, koma zatha. N'chifukwa chake mafunso oyenera ndi awiri: dzenjeli ndilichepetse bwanji, ndipo zotsalazo ndiziike pati kuti zisamadyedwe ndi mitengo.

Kuchepetsa dzenje kumapweteka koma kumagwira ntchito kuposa chiwongoladzanja chilichonse. Kusamukira m'nyumba yotsikirapo ndi K50,000 kumapulumutsa K600,000 pachaka popanda chiopsezo. Ngati ana ali pasukulu ya pulaiveti yomwe malipiro a bambo awo okha ndiwo ankaikwanitsa, kambiranani zowasintha kumapeto kwa chaka cha sukulu, osati pakati pa teremu, ndipo ndalama zambiri muzisungire sekondale. Galimoto yomwe simukuigwiritsa ntchito gulitsani mapepala akangokonzeka, chifukwa ikamangokhala pabwalo imadya inshuwaransi ndipo achibale amaibwereka mpaka injini kufa.

4. Gawani ndalama malinga ndi nthawi yomwe mudzazifune

Pa K24 miliyoni ija, mayi wathu achotse K1 miliyoni ya ngongole zotsimikizika ndi zotsalira za maliro, ndi K1 miliyoni ina ya achibale, yomwe tifotokoze pansipa. Zotsala K22 miliyoni azigawe panayi.

Gawo loyamba ndi la mwadzidzidzi: ndalama zokwana kuyendetsa nyumba miyezi 6, pano ndi K3 miliyoni. Zikhale pamalo poti mutha kuzitapa m'masiku awiri kapena atatu. Ntchito yake ndi matenda, kuba, kapena mwezi umene geni yaima. Ukwati wa mphwanu si mwadzidzidzi.

Gawo lachiwiri ndi lokwirira dzenje kwa zaka ziwiri, K7 miliyoni. Izi muziike motsatizana kuti zizipsa nthawi zosiyana. Kupatula fikisidi, mutha kukongoza boma: boma limabwereka ndalama kwa anthu kudzera ku Reserve Bank of Malawi kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo pa fomu zimalembedwa Treasury Bill. Mumagula kudzera kubanki yanu. Konzani kuti gawo lina lizipsa sabata ziwiri teremu isanatsegulidwe, mu Sepitembala, Januwale ndi Epulo, kuti fizi isakupezeni ndalama zili zotsekedwa. Kuthyola fikisidi nthawi isanakwane kumakutayitsani chiwongoladzanja. Kuchokera m'gawo limeneli dzilipireni nokha K250,000 pa 1 mwezi uliwonse, ngati mmene malipiro a malemu ankabwerera, ndipo zikatha pa 25 mudikire mwezi wina.

Musalandire chiwongoladzanja choyamba chomwe akuuzani pakauntala. Pa ndalama zochuluka chonchi banki imakambirana, ndiye funsani mabanki atatu, aliyense akulembereni ndalama zomwe mudzalandire m'manja msonkho utachotsedwa. Nambala imeneyo ndiyo yofunika. Tiyerekeze mwaika K1 miliyoni pa 20 peresenti kwa chaka: phindu ndi K200,000, msonkho ukadula gawo limodzi mwa magawo asanu mutsala ndi K160,000. Ngati mitengo yakwera ndi 28 peresenti, katundu amene anali K1 miliyoni tsopano ali K1,280,000, inu muli ndi K1,160,000. Nambala yakula koma mwaluza K120,000 ya zomwe mukanagula. Ichi n'chifukwa chake uphungu woti "ikani zonse pa fikisidi muzidya chiwongoladzanja" ndi wolakwika kwa mayi wa ana aang'ono: mukamadya chiwongoladzanja chonse, mpamba umawoneka wathunthu papepala koma pakatha zaka zitatu umagula theka la zomwe unkagula.

Dziwaninso kuti bungwe la Deposit Insurance Corporation, lomwe limabwezera osunga ndalama banki ikagwa, lili ndi malire pa ndalama zomwe limabweza kwa munthu mmodzi pabanki imodzi, ndipo malirewo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi K24 miliyoni. Gawani m'mabanki awiri kapena atatu.

Gawo lachitatu ndi la geni, ndipo lisapose gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zonse. Pano tiika K2 miliyoni. Kulitsani geni yomwe mukuidziwa kale, ndipo ikani theka kaye muone miyezi itatu. Chomwe chimagwetsa amayi ambiri ndi minibasi kapena njinga zamoto za kabaza zomwe amagula chifukwa mlamu kapena mchimwene wati aziyendetsa. Mwezi woyamba ndalama ya tsiku imabwera yokwana, wachitatu mumayamba kumva za apolisi, matayala ndi mafuta osowa, ndipo simungatsutse chifukwa simuli pamsewu. Bizinesi yomwe simungawerenge katundu wake ndi maso anu madzulo aliwonse, isiyeni.

5. K10 miliyoni ya zaka za m'tsogolo: nyumba kapena ayi

Gawo lachinayi ndi lalikulu ndipo ndi limene muyenera kuliganizira nthawi yaitali. Ndalama zomwe simudzazifuna kwa zaka zisanu kapena kuposa ziyenera kukhala m'chinthu chomwe mtengo wake umakwera limodzi ndi mitengo ya zinthu. Kwa ambiri chimenecho ndi nyumba, ndipo ife tikugwirizana nazo, koma pali malire.

Nyumba yokhalamo inu imachotsa lendi pa dzenje lija kwamuyaya, ndipo lendi imakwera chaka chilichonse. Vuto ndi nyumba yosatha. M'malokeshoni muli zipupa zambiri zofika pawindo, udzu utamera m'kati, zomwe eni ake anayamba ndi pulani ya zipinda zinayi ndalama zili za zipinda ziwiri. Pamenepo ndalama zakwiririka mu njerwa ndipo lendi ikulipidwabe. Musanakumbe maziko, pezani amisiri awiri osadziwana akulembereni mtengo wa chilichonse: simenti matumba angati, malata angati, matabwa, mafelemu, zitseko, chimbudzi, ndi ya mmisiri. Pa nambala yaikuluyo onjezani 30 peresenti. Ngati K10 miliyoni sikufika padenga, zitseko ndi chimbudzi, chepetsani pulani kapena musayambe. Zipangizo muzigula nokha ndi malisiti, ndipo mmisiri muzimulipira gawo lililonse likatha: maziko, zipupa, denga. Amene akufuna theka la ndalama zonse asanagwire chipande, mufunireni zabwino.

Pogula puloti, vuto lofala ndi malo ogulitsidwa kwa anthu awiri, kapena ogulitsidwa ndi mwana pamene eni ake ndi banja lonse. Ngati malowo ali ndi chiphaso, kafufuzeni kuofesi ya za malo kuti dzina lili pachiphasocho ndi la wogulitsayo komanso kuti sanachikolere ngongole. Ngati ndi a khonsolo, kaoneni kaundula wa kukhonsolo. Ngati ndi a kwa amfumu, kalata ya amfumu ikhalepo, oyandikana nawo mbali zonse aitanidwe poloza malire, ndipo achibale a wogulitsa asaine ngati mboni. Lipirani kudzera kubanki kuti pakhale umboni. Ndipo ganizani kawiri musanamange pamalo a kuchimuna ngati munali pa chitengwa: nyumbayo ikhoza kukhala yanu, koma dothi lake mudzalimbirana ndi anthu kwa zaka.

Nyumba yochititsa lendi muiwerengere moona mtima. Ya K10 miliyoni yomwe ikubweretsa K80,000 pamwezi imapereka K960,000 pachaka. Chotsani miyezi iwiri yopanda munthu kapena yosalipidwa, ndi K100,000 yokonzera, mutsala ndi K700,000, yomwe ndi 7 peresenti. N'zochepa kuposa za kubanki. Ubwino wake ndi woti lendi ndi mtengo wa nyumbayo zimakwera ndi nthawi, pamene kuipa kwake n'koti simungagulitse chipinda chimodzi kuti mulipire fizi.

Ngati K10 miliyoni singamalize nyumba kwanuko, musadandaule. Ikani m'thumba la yuniti tirasiti, momwe kampani imasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri n'kuziyendetsa kuti zibereke, kapena masheya a pa Malawi Stock Exchange kudzera ku kampani yovomerezeka, ndipo phindu lake musalitape, lizibwerera momwemo. Masheya amakwera ndi kutsika, choncho ndi a ndalama za zaka zisanu kupita m'tsogolo basi, ndipo musaike zonse m'kampani imodzi. Aliyense amene akukugulitsani zoterezi mumufunse chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi, ndalama zomwe amadula pachaka, ndi masiku omwe zimatenga kuti mutape. Ndalama muzilipira ku akaunti ya kampaniyo, osati ya munthu amene wabwera kunyumba. Wolonjeza 30 peresenti pamwezi, ngakhale ndi mnzanu wa kukwaya amene analandiradi miyezi iwiri, akulipira oyamba ndi ndalama za olowa pambuyo.

Banki mkhonde ndi yabwino pa ndalama zochokera ku geni yanu, koma si malo a mamiliyoni a ana, chifukwa mamembala awiri akathawa ndi ngongole palibe wobweza. Kubwereketsa mwa katapila nakonso kusiyeni.

6. Achibale

Kukana aliyense kumabala udani womwe ana anu adzaulowa, ndipo kuvomera aliyense kumatha ndalama. Njira yapakati ndi kupereka kamodzi, poyera. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo pamaso pawo munene motere: "Apongozi, mwana wanu anasiya kangachepe, ndipo ana ake ndi aang'ono. Ndapatula izi kuti zikuthandizeni. Zotsalazo ndi za sukulu ya adzukulu anu, ndazitsekera." Zilembedwe m'kope, ankhoswe asaine. Ngati apongozi ankadalira malemu, thumba la chimanga ndi feteleza pachaka n'zabwino kuposa kulonjeza ndalama mwezi uliwonse. Achibale a kwanu nawonso lamulo ndi lomwelo, ndipo nthawi zambiri ndi amene amavuta kuwakana.

Musakongoze wachibale ndalama zomwe simungakwanitse kuzitaya, ndipo musasainire munthu ngongole. Chiliza chidikire chaka, ndipo mtengo wake muuikire malire musanapite kwa osema miyala.

7. Tetezani ana ngati inunso mutachoka

Tsopano ana ali ndi kholo limodzi, ndiye lembani wilu chaka chino. Ikhale yolembedwa, muisaine pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizikulandira kanthu mu wiluyo, nazo zisaine. Tchulani amene adzalere ana, ndipo ngati n'kotheka woyang'anira ndalama akhale munthu wina, kuti awiriwo aziyang'anana. Afunseni kaye onse awiri. Kope lina likasungidwe kwa loya, kubanki kapena kuofesi ya DC. Sinthaninso mayina a olandira pa penshoni yanu, kusako ndi pa inshuwaransi iliyonse, chifukwa pambiri mwa mafomu amenewa padakali dzina la malemu.

Gawo lomwe linaperekedwa m'dzina la ana ndi lawo mwalamulo, inu ndinu wosunga chabe. Likhale mu akaunti yosiyana ndi yanu, ndipo sungani malisiti a fizi, yunifolomu ndi kuchipatala m'envulopu ya chaka chilichonse. Ngati gawolo lili m'manja mwa Administrator General kapena oyang'anira penshoni, funsani ndondomeko yotapira fizi ndipo muzipereka kalata ya kusukulu mwezi wathunthu teremu isanayambe, popeza mapepala amachedwa. Mukadzakwatiwanso, nyumba ndi akaunti za ana zisasinthe dzina, ndipo bambo watsopanoyo amve zimenezi pamaso pa ankhoswe ukwati usanachitike.

Chaka chilichonse mu Ogasiti, sukulu zisanatsegulidwe, bwererani ku kope lija. Werengeraninso dzenje ndi mitengo yatsopano, kwezani malipiro anu a pamwezi ngati pakufunika, ndipo bwezeretsani gawo la mwadzidzidzi ngati munalitapa. Mukapeza kuti gawo la zaka ziwiri likutha miyezi 18 isanakwane, musathamangire K10 miliyoni ija. Yambani ndi lendi, sukulu ndi thiransipoti, muone chomwe chingatsike teremu ikubwerayo isanayambe.